Nyumba ndinagula ija, patatha miyezi 14

"Achimwene, nyumba munagula ija ikukusungani bwanji? Yangayi yayamba ming'alu, tulo sindikutiona."

Denga silidontha, magetsi ndi mipope zili bwino. Nkhani ili pa makoma, mlongo wanga.

Ndinalowa mu Ogasiti. Pofika Okutobala, pabalaza panatuluka timing'alu tonga tsitsi, tolukanalukana ngati matope a padambo akauma. Mtima unangoti phwii. Mmisiri wina anabwera, nakanda ndi msomali, ndipo tinaona kuti tathera mu pulasitala, njerwa ili yamphumphu. Anati uku n'kuuma chabe: pulasitala akachuluka madzi, mchenga ukakhala wadothi, kapena akapanda kuthiriridwa masiku oyamba, amakokana n'kung'ambika. Tinamata, tinapaka penti, sitinabwererenso. Apo ndinkaitama nyumbayi kwa aliyense.

Mng'alu wachiwiri ndi umene wandiliza. Unatuluka mu Januwale, mvula ili mkati, pa ngodya ya chipinda chakumbuyo. Unayambira pakona ya windo n'kutsika chopendekera, ukutsata mizere ya njerwa ngati masitepe. Kumwamba unali wotakasuka, kumunsi wopyapyala. Nditazungulira kuseri, ndinaupeza pamalo omwewo, kusonyeza kuti wadutsa khoma lonse. Kenako chitseko chinayamba kukhula pansi.

Ndinalemba mzere wa pensulo pomwe mng'alu unathera, ndi deti lake, n'kumata kachigamba kopyapyala ka simenti modutsa mng'aluwo. Patatha masabata atatu kachigamba kanasweka, mng'alu utapitirira mzere uja. Poyamba munkalowa mtengo wa machesi movutikira, mamilimita awiri. Pofika Malichi rula inkawerenga 6.

Injiniya amene ndinamuitana anati mng'alu wosafika mamilimita 5 umene waima nthawi zambiri umangofuna kumata. Ukapitirira apo, kapena ukamakulabe, uyenera kufufuzidwa. Ukafika 15, kapena khoma likayamba kutupa ndi kupendekeka, musazengereze n'komwe. Titakumba pafandeshoni tinapeza mabotolo ndi mapulasitiki: ngodya ija anaikhazika pa dzenje lakale la zinyalala, madzi a padenga n'kumagwera pomwepo. Dothi lokwirira linafewa, maziko n'kutitimira.

Tinakumba pang'onopang'ono, mita imodzi pa nthawi, mpaka pa dothi lolimba, n'kuthira konkire kunsi kwa maziko. Tinaika gatala ndi ngalande. Matumba 18 a simenti anathera pamenepo, osawerengera miyala, amisiri ndi injiniya. Kachigamba katsopano kakhala miyezi isanu osasweka, koma ndikudikira mvula ikubwerayi.

Amene anandigulitsa ndinawaimbira kanayi. Anati nyumba iliyonse imang'aluka, kenako anasiya kuyankha. Chimandiwawa n'chakuti pokanda pakona paja tinapeza phala la kumata kwakale pansi pa penti. Ankadziwa. Nyumbayi ndimaikonda, koma pa mtengo uja sindikanaigula.

Yanuyo mukande ndi msomali, muione kuseri, mulembe pensulo lero. Munditumizire chithunzi mutaika machesi pambali pake.