Sipika ya mainchi 8 nditaisintha labala: mmene ikulirira patapita miyezi

"Achimwene, sipika ija inkachita phokoso pa besi munaimata labala wina, ikulirabe bwino?"

Ikulira bwino ndithu, ndipo kunjenjemera kuja sikunabwerenso. Masiku oyamba besi inali youma pang'ono chifukwa labala watsopano amakhala wolimba, koma atafewa mawu anabwerera mwakale.

Vuto linayambira pa labala wozungulira khoni, pepala lija limagwedera potulutsa mawu. Anali atafumbwa, ukamukhudza ankangonyenyeka, ndiye khoni inapendekera pansi. Khoni ikapendeka, koilo, waya wokulungidwa kunsi kwa khoni uja, imakhula chitsulo cha maginito m'kampata kake kopapatiza, ndipo phokoso mumamva pa besi lija ndi limenelo. Kuti mutsimikize, zimitsani ampu, ikani zala mozungulira kachipewa ka pakati, mukankhe pang'onopang'ono mofanana mbali zonse. Mukamva kuti khwee, ikukhula. Yezaninso koilo pogwiritsa ntchito mita yoyezera maomu: sipika ya maomu 8 imaonetsa pafupifupi 6. Mita ikapanda kuonetsa kanthu, koilo inaduka, labala sangathandize.

Ndinachotsa gasiketi, n'kupala labala wakale pa felemu mpaka chitsulo chitayera, kenako n'kupukuta ndi sipiriti. M'mphepete mwa khoni ndinkangofikisa ndi chala, poti ndi pepala, silichedwa kung'ambika. Pogula labala musangodalira mainchi. Yezani m'mimba mwa khoni ndi mwa felemu, chifukwa masipika a mainchi ofanana amasiyana khoni. Guluu akhale wogwira labala, wosauma gwa. Supaguluu ayi, amathetheka khoni ikamagwedera.

Ntchito yonse yagona pa kuika koilo pakati. Ndinayamba kumata mlomo wa mkati wa labala pa khoni, n'kuusiya uume. Nditapaka guluu pa felemu, ndinaliza kamawu ka 40 Hz motsitsa kwambiri, ndikusuntha mlomo wa kunja pang'onopang'ono mpaka kukhula kutatheratu, kenako ndinaupana ndi mapegi mozungulira. Ena amadula kachipewa n'kulowetsa timapulasitiki topyapyala pakati pa koilo ndi chitsulo. Njira imeneyo ndi yodalirika kuposa yanga ngati kampata kali kothina kwambiri. Ndinadikira tsiku lathunthu ndisanailize.

Chimene ndinkaopa ndi sipaida, kansalu kamakwinya kogwira koilo kunsi kuja, chifukwa nako kanali katatopa pokhala nthawi yaitali kakunyamula khoni kokha. Pobwezera sipika m'bokosi ndinaitembenuza, mbali yam'mwamba n'kukhala pansi, kuti kulemera kukokere kwina. Mpaka pano ndikakankha khoni imayenda mosalala, ndipo guluu sanamatuke paliponse. Koma ngati sipaida yanu inaphwa moti khoni imakhala yolowa mkati ngakhale sipika ili chete, labala yekha sakwanira, pamafunika kusintha khoni, koilo ndi sipaida pamodzi.

Sipika inzake ndinaisinthanso labala ngakhale inali isanayambe phokoso, chifukwa nayo inali itayamba ming'alu, komanso imodzi ikakhala ndi watsopano ina wakale, besi siimveka mofanana.