Thanki ya ayezi ikule bwanji? Kuyerekeza njira zitatu zopewera magetsi a maola odula

Amene akufuna kuziziritsa nyumba ya maofesi ndi ayezi wopangidwa usiku amayenera kusankha zinthu ziwiri nthawi imodzi, kukula kwa thanki ndi kukula kwa makina oziziritsa madzi omwe amisiri amawatchula kuti chila, ndipo kusintha chimodzi kumasinthanso chinzake. Kilogalamu imodzi ya ayezi ikamasungunuka imayamwa kutentha kwa 334 kJ, kutanthauza kuti tani imodzi imasunga kuzizira kwa 93 kWh. Koma kuti madzi aundane, chila chimayenera kutsitsa madzi osakaniza ndi gilaikolo, mankhwala oletsa madzi kuundana m'mapaipi, mpaka pafupifupi −5 °C, pamene masana chikanangowafikitsa pa 6 °C kapena 7 °C, ndipo pa ntchito yolemerayi mphamvu yake imatsika kufika pa 60 mpaka 70 peresenti ya imene yalembedwa pa makinawo.

Tiyerekeze nyumba yomwe imaziziritsidwa kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Pa tsiku lotentha kwambiri, kuzizira kofunika ola ndi ola ndi 300, 340, 380, 420, 450, 500, 500, 450, 360 ndi 300 kW, ndipo zonse pamodzi ndi 4,000 kWh. Popanda ayezi, nyumbayi ikanafuna chila cha 500 kW. Tinene kuti magetsi ndi otchipa kwa maola 8, kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, ndiponso kuti popanga ayezi chila chimapereka 65 peresenti ya mphamvu yake. Maola 8 ausikuwo akungofanana ndi maola 5.2 a ntchito yamasana. Kawerengedwe koyambira ndi aka:

```
chila (kW) = kWh za tsiku / (maola a masana + 0.65 × maola a usiku)
```

Njira yoyamba ndi yosunga kuzizira kwa tsiku lonse, kotero kuti masana chila chimakhala chozimitsa ndipo mapampu ndi mafani okha ndi amene amayenda. Maola a masana m'kawerengedweka ndi ziro, ndiye 4,000 kugawa ndi 5.2 kukupereka chila cha 769 kW, ndi thanki ya 4,000 kWh, yomwe ndi matani 43 a ayezi m'mathanki opitirira malita 80,000. Mwini nyumba akugula makina aakulu kuposa amene akanagula popanda ayezi, n'kuwonjezerapo mathanki ofuna malo ndi maziko olimba. Palinso msampha pa bilu. Tiyerekeze kuti masana yuniti imodzi ya magetsi imapereka mayuniti 3 a kuzizira, ndipo popanga ayezi imapereka 2.5. Chila wamba chikanakoka 167 kW pa ola lotentha kwambiri, pomwe ichi chikukoka 200 kW usiku wonse. Ngati kampani ya magetsi imalipiritsa kVA zapamwamba za mwezi, kutanthauza mphamvu yaikulu koposa imene nyumba yakoka pa nthawi imodzi, mosayang'ana ola limene zachitika, ndiye kuti gawo limeneli la bilu likhoza kukwera m'malo motsika. Mayuniti nawonso akwera kuchoka pa 1,333 kufika pa 1,600 pa tsiku, choncho mtengo wausiku uyenera kutsikiratu kuti phindu lioneke.

Njira yachiwiri ndi yakuti chila chaching'ono chigwire ntchito usana ndi usiku, ndipo ayezi angokwaniritsa pamene chila chaperewera. Apa tikugawa 4,000 ndi 15.2, ndipo tikupeza chila cha 263 kW, pafupifupi theka la chila wamba. Usiku chimadzaza thanki ya 1,370 kWh, matani osakwana 15, ndipo pa ola lotentha kwambiri thankiyo imangofunika kupereka 237 kW. Magetsi amene chila chimakoka masana atsika kuchoka pa 167 kW kufika pa 88 kW. Pa nyumba yatsopano, ndalama zopulumutsidwa pa chila, pa thiransifoma ndi pa jenereta zimalipira gawo lalikulu la thanki, ndipo n'chifukwa chake ine ndimaona kuti njira imeneyi ndiyo yoyenera kuyamba kuiwerengera. Kufooka kwake n'kwakuti chila chimayendabe pa maola odula, ndipo palibe mphamvu yotsalira: usiku umodzi magetsi akathima maola atatu, thanki imacha yosadzaza, ndipo madzulo ake nyumba imatentha popanda china choipulumutsa.

Njira yachitatu ili pakati, ndipo ndi imene imafuna kusamala kwambiri powerengera. Chila chimazimitsidwa pa maola odula okha, tinene kuyambira 12 koloko mpaka 4 koloko masana, pamene nyumba yathu ikufuna 1,900 kWh. Kawerengedwe kaja kakupereka 4,000 kugawa ndi 11.2, zomwe ndi 357 kW, koma yankho limeneli ndi lolakwika, chifukwa likuganiza kuti pa maola 6 otsalawo chila chikugwira ntchito ndi mphamvu yake yonse, pomwe pa maola ena nyumba ikungofuna 300 kapena 340 kW. Tikawerengera ola ndi ola, chila choyenera ndi cha 375 kW. Chimenechi chimakwanitsa chokha maola anayi ofuna 300, 340, 360 ndi 300 kW, chimaperewera ndi 5 kW ndi 45 kW pa maola awiri oyandikira masana, ndipo usiku chimapanga 1,950 kWh, matani 21, zomwe zikukwanira ndendende. Amene wagula cha 357 kW adzaperewera ndi 130 kWh pa tsiku lotentha, ndipo kuperewerako kudzaonekera pamapeto, ayezi atatha.

Njira yachitatuyi ilinso ndi vuto limene kuwerengera kWh kokha sikulionetsa, lomwe ndi liwiro la kasungunukidwe. Thanki ya 1,950 kWh ikufunika kupereka 500 kW, kutanthauza kotala la zonse zimene yasunga pa ola limodzi. M'mathanki amene gilaikolo amayenda m'mapaipi ndi kusungunula ayezi kuchokera pa paipi kupita kunja, madzi osungunuka amazinga paipiyo, ndipo kutentha kumavutika kudutsa kukafika pa ayezi wotsala. Chizindikiro chake n'chakuti gilaikolo wotuluka m'thanki amayamba kufunda cha m'ma 3 koloko, pomwe choyezera chikusonyeza kuti ayezi akadalimo. Choncho funso loyenera kufunsa wogulitsa si kukula kwa thanki kokha, koma kWh zimene ingapereke m'maola 4 madzi otuluka asanapitirire kutentha kumene makina a m'zipinda akufuna. Kawirikawiri yankho limachititsa kuti thanki igulidwe yokulirapo kuposa mmene masamu oyamba anasonyezera.

Chimene chimagamula pakati pa yachiwiri ndi yachitatu ndi ndondomeko ya mitengo, osati makina. Kumene maola odula ali masana enieni, ndi ochepa, ndipo kusiyana kwa mitengo n'kwakukulu, njira yachitatu imabweza ndalama, makamaka pa nyumba yomwe ili kale ndi chila cha 500 kW chomwe chingakwanitse kupanga ayezi. Koma si kulikonse kumene zili choncho. Pa ndondomeko ya mitengo yotchedwa Megaflex ya Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa, maola odula ndi a m'mawa ndi madzulo, ndipo amadulitsitsa kuyambira Juni mpaka Ogasiti, miyezi yozizira imene ofesi safuna kuziziritsidwa kwenikweni. Pa ofesi yotseka 6 koloko, thanki yoikidwira maola amenewo imapulumutsa zochepa, ndipo phindu lalikulu limachokera pa kutsitsa kVA ndi kuchepetsa kukula kwa chila, zomwe ndi ntchito ya njira yachiwiri. Njira yoyamba imayenera malo ngati holo ya misonkhano kapena tchalitchi chachikulu, kumene kuzizira kumafunika kwa maola atatu kapena anayi okha, ndipo chila chaching'ono chili ndi maola ambiri, mwinanso masiku, odzazira thanki.