Pulagini ya tebulo la zogwa: chowerengera cha chifundo chimagwira ntchito, koma chiyeseni kaye

Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndinagula pulagini imeneyi ya tebulo la zogwa, mndandanda wa zinthu zimene chilombo chimagwetsa ukachipha, chifukwa cha gemu yanga yaing'ono imene ndikupanga mu Godot, ndipo ndaigwiritsa ntchito kwa miyezi itatu tsopano.

Mu gemuyi muli chilombo cha m'phanga chimene chimagwetsa lupanga lamoto ukachipha. Mwayi wake ndinauika pa 5 peresenti, kutanthauza kuti pa avareji lupangalo limagwa kamodzi pa maulendo 20. Mng'ono wanga, amene amandithandiza kuyesa gemu, anachipha ka 60 osapeza kanthu. Anaika foni patebulo n'kunena kuti, "Achimwene, gemu yanuyi ndi yabodza." Usiku umenewo ndinafufuza khodi yonse ndipo sindinapeze cholakwika. Nditawerengera ndinaona kuti 0.95 ukaichulukitsa yokha ka 60 imapereka pafupifupi 0.046. Ndiye kuti pa osewera 22 alionse, mmodzi adzafika pamene anafika mng'ono wangayo. Ngakhale pa maulendo 20 enieniwo, oposa mmodzi mwa atatu amatuluka chimanjamanja. Zinandipweteka, chifukwa amene wakhala nthawi yaitali kwambiri pa gemu yanga ndi amene ankachoka akudziona ngati waberedwa.

Chimene pulaginiyi imachita bwino ndi chowerengera cha chifundo. Chimasunga nambala ya maulendo amene wosewera walephera motsatizana, ndipo akafika pa malire amene mwaika, chinthucho chimagwa basi. Kenako chimayambiranso pa ziro. Magemu akuluakulu amachita zomwezi: Genshin Impact imapereka chinthu chosowa kwambiri, cha nyenyezi zisanu, pofika ulendo wa 90 ngakhale mwayi wake woyambira uli 0.6 peresenti. Ine ndinaika malire pa 40, ndipo zinanditengera mphindi zosakwana khumi. Mutati muzilembe nokha, zingaoneke chonchi:

```gdscript
if misses >= 39 or randf() < 0.04:
    misses = 0
    drop_item()
else:
    misses += 1
```

Mwina mwaona kuti pamenepo pali 0.04 osati 0.05. Apa ndi pamene pulaginiyi inandisangalatsa kwenikweni. Ukangoika malire, imakuonetsa mwayi weniweni umene watsatira. Ine sindinaganizepo kuti chifundo chimachulukitsa malupanga mu gemu. Ndi 5 peresenti komanso malire a 40, avareji imatsika kuchoka pa maulendo 20 kufika pa 17 ndi theka, chifukwa onse amene akanapitirira 40 adulidwira panjira. Malupanga akachuluka, mtengo wake pamsika wa mu gemu umagwa. Nditatsitsa mwayi kufika pa 4 peresenti, avareji inabwerera pa 20, ndipo palibe amene amadutsanso 40. Choipa chake n'chakuti wosewera mmodzi mwa asanu tsopano amafika mpaka kumalireko, choncho ndinaika kamzere kakang'ono pansi pa sikirini kamene kamadzaza pang'onopang'ono. Mng'ono wanga akaona kuti kafika pa 31, sakwiyanso, amangoti atsala asanu ndi anayi.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, chowerengeracho sichisungidwa chokha mu fayilo ya wosewera. Munthu akatseka gemu ali pa 35, mawa amayambira pa ziro, ndipo malangizo a pulaginiyi sanena kalikonse za zimenezi. Ndinazindikira pamene woyesa wina anandiuza kuti wadutsa 50 popanda lupanga. Njira yodziwira ndi yosavuta: ikani mwayi pa ziro ndi malire pa 5, iphani chilombo katatu, tsekani gemu, tsegulaninso. Ngati lupanga silinagwe pa kupha kwachiwiri, nambala yanu ikutayika. Ndinachita kulemba ndekha zoisunga.

Chachiwiri chinandivuta kuchipeza. Chowerengera ndi chimodzi pa tebulo lonse, osati pa chinthu chilichonse. Tebulo la chilombo changa lili ndi lupanga komanso mphete yosowa, ndipo mphete ikagwa, nambala ya lupanga imabwereranso pa ziro. Wosewera amene akufuna lupanga amaona kamzere kake kakufufutika chifukwa cha mphete imene ali nayo kale itatu. Ndinagawa tebulolo pawiri, lililonse ndi chowerengera chake, ndipo vutolo linatha. Wolemba pulaginiyi anandiyankha patatha masiku awiri kuti akuziganizira, koma mpaka pano sizinasinthe.

Ngati gemu yanu ili ndi chinthu chimodzi chosowa pa chilombo chilichonse, gulani, musaiwale za kusungako. Ngati matebulo anu ali ndi zosowa zambiri, konzekerani kuwagawa monga ndinachitira ine.