Ulusi kapena pepala: choyezera chala chabwino n'chiti pofuna saizi ya mphete?

Njira zonse ziwirizi zimayamba mofanana. Mumazunguliza chala, n'kuika chizindikiro pamene nsonga yakumana ndi mbali inayo, kenaka mumatambasula pa rula n'kuwerenga mamilimita. Koma manambala ake sakonda kugwirizana, ndipo ine ndimakhulupirira a pepala.

Ulusi umakopa chifukwa supinda, umangotsata chala bwinobwino. Vuto lake n'lakuti ndi wopyapyala, choncho mukangoukoka pang'ono umalowa m'mnofu. Ukasiya kamzera koyera pakhungu, dziwani kuti mwathinitsa ndipo nambalayo yachepa. Ulusi wolukira majuzi ndiye musauyese n'komwe, umatamuka pachala n'kubwerera pa rula. Inki nayo imayenderera pa ulusi, kadontho kamodzi n'kukhala milimita yathunthu. Zikuoneka zazing'ono, koma pa masaizi a ku Ulaya nambala ya mphete ndiyo mamilimita a kuzungulira kwa mkati mwake, ndiye milimita imodzi ndi saizi ina kale.

Pepala silitamuka. Dulani kachidutswa kotalika masentimita 10, m'lifupi mwake mofanana ndi mphete imene mukufuna, mwina mamilimita 5. Likhale pepala lolembapo wamba, chifukwa katoni imapinda makona n'kuwonjezera muyeso. Ubwino wake waukulu ndi uwu: mukazunguliza patsinde pa chala, mungathe kumata ndi selotepi n'kukhala kamphete, kenaka n'kuyesa kukavula. Mphete yachitsulo iyenera kudutsa pa mfundo ya chala, ndipo ulusi sungakuuzeni ngati idzadutsa. Kamphete ka pepalako kadutse pamfundopo mokanirira pang'ono, osang'ambika, komanso kasagwe mukakutumula dzanja.

Tiyerekeze kuti ulusi wakupatsani mamilimita 52, koma pepala lodutsa pamfundo lakupatsani 54. Pa masaizi a ku America, 6 ndi mamilimita 51.9 ndipo 7 ndi 54.4. Mukamvera ulusi mugula 6, imene idzakakamira pamfundo. Mukamvera pepala mugula 7, kapena 54 ya ku Ulaya. Wogulitsa akafunsa kukula kwa bowo la mphete modutsa pakati, gawani 54 ndi 3.14, mupeza mamilimita 17.2.

Ulusi umathandiza pokhapokha mfundo ikakhala yaikulu kwambiri kuposa tsinde. Yezani malo awiriwo paokhapaokha ndi ulusi wosatamuka, n'kusankha saizi ya pakati.

Chala nachonso chimasintha. Kukazizira chimachepa, kukatentha chimatupa, choncho yezani madzulo thupi lili pabwino, katatu konse, pa dzanja lenilenilo lodzavala mpheteyo, pakuti dzanja logwirira ntchito limakulirapo. Mphete ikakhala yotambalala kupitirira mamilimita 6 imathina kwambiri, ndiye onjezerani theka la saizi ya ku America.