Maso achikasu ku Chigwa cha Shire: tiyeze bilirubini kapena ALT ndi ALP?

Anzanga a mu labotale ndi inu a makilinishani a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, tonse tikudziwa kuti mankhwala oyezera sakwanira nthawi zonse. Wodwala wa maso achikasu akabwera, fomu imalembedwa LFT basi, koma pa shelefu pali mabotolo awiri kapena atatu. Ndiye tiyeni tiike bilirubini mbali iyi, ma enzaimu mbali inayo, tione chimene chilichonse chimayankha.

Ndiyambe ndi TBIL yokha, yomwe ambiri amaikonda chifukwa ndi yosavuta. Kwa munthu wamkulu, ine ndimaiona ngati yofooka pa zonse ikakhala payokha. Maso amayamba kuoneka achikasu bilirubini ikafika cha m'ma 40 kapena 50 µmol/L, ndiye makina akakupatsani 85, angotsimikiza zimene maso anu anaona kale. Mphamvu yake imabwera mukaiphatikiza ndi DBIL. Njira ya dayazo, ngati ija ya Jendrassik ndi Grof ya mu 1938, imagwira msanga bilirubini imene chiwindi chaikonza kale, pomwe yosakonzedwayo imafuna chofulumizitsa monga kafini kuti nayo igwidwe. N'chifukwa chake pali mayeso awiri. DBIL ikakhala yochepera gawo limodzi mwa magawo asanu a TBIL, ganizirani za maselo ofiira amene akusweka, ndipo kuno malungo ndiwo amatsogolera. Ikaposa theka, vuto lili m'chiwindi kapena m'njira za ndulu. Koma bilirubini imathera pomwepo. Siisiyanitsa chiwindi chotupa ndi njira ya ndulu yotsekeka, chifukwa zonse ziwiri zimakweza DBIL.

Funso limenelo amayankha ndi ALT ndi ALP, ndipo amaliyankha ali awiri. ALT imatuluka maselo a chiwindi akamaonongeka, pomwe ALP imakwera ndulu ikamalephera kuyenda. Vuto nlakuti kawirikawiri zonse zimakwera, ndiye munthu amasokonezeka poona manambala awiri ofiira. Musayerekeze manambalawo mwachindunji. Onani kuti lililonse laposa kangati malire ake apamwamba, kenaka mugawe:

```
R = (ALT / ULN) / (ALP / ULN)
```

ULN ndi malire apamwamba amene alembedwa pa pepala la mankhwala anu oyezera, osati amene munaloweza kusukulu, poti a ALP amasiyana kwambiri malinga ndi kampani. R ikafika 5 kapena kuposa, maselo a chiwindi ndiwo avulala. Ikakhala 2 kapena kutsika, ndi ndulu yosayenda. Pakatipo ndi zosakanikirana.

Tiyerekeze odwala awiri, onse a TBIL 85. Woyamba ndi bambo amene ali pa mankhwala a TB kwa milungu isanu, akusanza, chakudya sachifuna. DBIL yake ndi 55, ALT 400 pa malire a 40, ALP 180 pa malire a 120. ALT yaposa kakhumi, ALP yaposa kamodzi ndi theka, ndiye R ili pafupifupi 6.7. Maselo a chiwindi ndiwo akuvulala, ndipo okayikiridwa oyamba ndi pirazinamaidi ndi isoniazidi, ngakhale HBsAg iyenera kuyezedwanso. ALT yoposa katatu malire pa munthu wodwalika chonchi, kapena kasanu ngakhale alibe zizindikiro, ndi chifukwa chokwanira kuti kilinishani aimitse mankhwalawo motsatira ndondomeko ya TB. ALT yokwera chotere pamodzi ndi chikasu ndi chizindikiro choopsa, si cha mawa.

Wachiwiri ndi mnyamata wotentha thupi wochokera m'mbali mwa dambo. DBIL yake ndi 10, ALT 50, ALP ili bwinobwino, AST 90, magazi atsika. Chiwindi chake sindicho gwero la chikasucho, maselo ofiira ndiwo akusweka, ndipo silaidi ya malungo ikuuzani zambiri kuposa LFT yonse. Mukadayeza TBIL yokha, awiriwa akadafanana. Mukadayeza ma enzaimu okha, woyambayo mukadamugwira, wachiwiriyo mukadangodziwa kuti chiwindi sichinavulale kwambiri. Pamenepa m'pamene ndimaonera kuti ALT ndi ALP zimapereka zambiri pa ndalama yomweyo.

Pali chinanso chotsika mtengo chimene chimaiwalika. Bilirubini yokonzedwa yokha ndiyo imatuluka mu mkodzo. Kapepala koyezera mkodzo kakaonetsa bilirubini, mwadziwa kuti DBIL yakwera ngakhale botolo lake latha. Mkodzowo ukhale watsopano, chifukwa ukakhala pa kuwala yankho limatha kusanduka lopanda kanthu.

Nanga AST? Mukafunika kusankha imodzi, tengani ALT. AST imapezekanso mu mnofu, mu mtima ndi m'maselo ofiira, choncho wodula nzimbe tsiku lonse, wogwa khunyu, ngakhale sampulo yokokedwa movutikira, zonse zimaikweza. Phindu lake lili pa womwa kachasu: AST imaposa ALT kawiri kapena kupitirira, koma zonse kawirikawiri siziposa mazana ochepa. Mukaona masauzande, musamangire nkhani pa mowa wokha. GGT nayo ntchito yake yeniyeni ndi imodzi, kutsimikiza kuti ALP yokwerayo ndi ya chiwindi, poti mwana amene akukula, mayi woyembekezera wa miyezi yomaliza ndi wothyoka fupa onse amakhala ndi ALP yokwera chiwindi chili bwino.

Tsopano za kutentha kwathu, komwe mu Okutobala ndi Novembala kumaposa madigiri 40. Mdani wa bilirubini ndi kuwala. Chubu chikakhala pa windo kapena chikayenda pa njinga yamoto kuchokera kuchipatala chaching'ono osachikulunga, yankho limatsika ndipo palibe chimene chidzakuchenjezeni. Koma mankhwala ambiri a dayazo amapirira kunja kwa firiji, malinga ndi pepala lake. Ma enzaimu ndiwo osachedwa kukhumudwa. Mankhwala ake amafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo kuyeza kumachitika pa madigiri 37 enieni, chifukwa chimene makina akuwerenga ndi liwiro la kusintha. ALT imawerengedwa pa 340 nm pamene NADH ikutha, ndiye botolo likagona m'firiji yozima, NADH imakhala itachepa kale. Mudzazindikira poona kuti nambala yoyambira ya mankhwala okha yatsika kuposa imene pepala likulola. A ALP akaonongeka amasanduka achikasu musanathiremo seramu.

Misampha iwiri ndiyo imanamiza kwambiri. ALT ikakwera zedi, imamaliza NADH makina asanayambe kuwerenga, n'kutulutsa nambala yaying'ono pa munthu wodwala kwambiri. Yankho likasemphana ndi wodwalayo, sungunulani seramu gawo limodzi ndi magawo asanu ndi anayi a selaini, mubwereze, muchulukitse ndi 10. Msampha wina ndi magazi a m'chubu cha EDTA: ALP imagwa pafupifupi kutheratu, ndipo R yanu imanena za chiwindi chotupa pa munthu amene njira ya ndulu yatsekeka.

Likodzo la m'matumbo, lomwe si lachilendo m'midzi ya m'mbali mwa Shire, limapita pansi pa mayeso onsewa. Limaumitsa mitsempha ya magazi ya m'chiwindi koma maselo ake n'kukhala amoyo, ndiye munthu amabwera ndi kapamba wamkulu, mwinanso akusanza magazi, bilirubini ndi ALT zili m'malire. Ameneyo musamubweze ndi mawu akuti chiwindi chili bwino. Akufunika sikani, kuyeza chimbudzi ndi kuwerenga mapuleteleti.