Always, Kotex, Softcare ndi kapu ya kumwezi: zomwe ndaona miyezi 9 imeneyi

Ine ndine uja tsiku lachiwiri la kumwezi sindivala zoyera, ndikakhala pampando ofesi ndiyambe ndacheuka kaye ndikamadzuka. Ndiye ndemanga iyi muiwerenge mukudziwa kuti akulemba ndi munthu otaya magazi ambiri, masiku 5, awiri oyambawo osaseka. Amene mumasamba pang'ono mwina muona mosiyana.

Ndiyambe ndi mapadi poti ndakhala nawo kuyambira ku sekondale. Always Ultra, yopyapyala ija, imayamwa msanga ndipo pamwamba pamakhala pouma chifukwa mkati muli timankhwala tosandutsa magazi kukhala ngati phala louma, ukavala siketi yothina palibe odziwa. Usiku ndimagula yaitali yokhala ndi mapiko, imafika kumbuyo bwinobwino ndiye ndikagona chagada nsalu yoyala imapulumuka. Kotex ndimaikonda pa nkhani yofewa, pakhungu imamveka ngati nsalu, mwezi wa Okutobala kukatentha imeneyi nde ndimathamangira. Softcare ndi ya pakati pa mwezi ndalama zikatha, kwathu kuno ndimaipeza motsikirapo mtengo kuposa ziwiri zija ndipo masiku omaliza magazi akamachepa imagwira ntchito ndithu, palibe chifukwa choonongera padi yodula pa timadontho.

Koma pali ena aja opanda dzina lomveka, ogulitsa m'misika zolemba zake zosawerengeka. Ndinagulako kamodzi pofuna kupulumutsa ndalama, eee ndinalapa. Guluu wake osagwira, nditakwera kabaza kuchoka mu tauni padi inapindika nkuunjikana mbali imodzi, thonje la mkati kuphwanyika mabulumabulu, kafungo konunkhira kaja kusakanikirana ndi thukuta, pofika madzulo m'mphechepeche monse mutasupuka. Chenjezo langa ndi ili, mukatsegula paketi pindani padi imodzi pakati nkuitambasula, ikapanda kubwerera mmene inalili kapena mkati mukamveka zogawanika, imeneyo sizakupiririrani.

Tsopano masamu. Tsiku loyamba ndi lachiwiri ndimasintha pa maola atatu aliwonse, pafupifupi mapadi 5 masana ndi imodzi yausiku, masiku enawo atatu patsiku. Zonse pamodzi ndi 20 kapena 21, ndiye kuti mapaketi awiri a 10 ndi kupempha imodzi kwa mng'ono wanga. Ndipo kusamba sikuyendera kalendala, ine masiku 28 akakwana zabwera, pachaka ndi ka 13 osati 12, mapaketi 26. Boma linachotsa msonkho wina pa mapadi mu 2022 koma kwacha itagwa mitengo inakwerabe, nonse mukudziwa.

Kapu ya kumwezi, ija mumailowetsa mkati kuti izilandira magazi mmalo mwa padi, ndinayamba ndi yolakwika. Ndinagula kwa munthu wina ogulitsa pa foni, yotchipa, yopanda pepala lililonse lonena kuti inapangidwa ndi chani. Inali yofewa kwambiri moti ndikailowetsa siinkatambasuka, inkangokhala yopindika mkatimo magazi nkumadutsa m'mbali. Ndinataya mtima nkunena kuti za makapu ndi bodza. Kenako achemwali anga a ku Joni ananditumizira Ruby Cup ya saizi ya pakati, yopangidwa ndi silikoni wa chipatala, imalowa mamililita 34, yaing'ono yake 24. Mkombero wake ndi olimbirapo, ukaisiya imatambasuka yokha umachita kumva.

Musanamizidwe kuti tsiku lomwelo muzolowera. Mwezi oyamba ndinkatha mphindi 15 ku bafa, thukuta kamukamu. Ambiri amaphunzitsa kuipinda pawiri ngati chilembo C koma kwa ine kunsonga kunkakhala kwakukulu, chomwe chinandithandiza ndi kukanikiza mkombero mbali imodzi ndi chala kulowetsa mkati mwa kapu, nsonga imachepa. Muinyowetse ndi madzi, munjute, muilozetse chakumsana osati molunjika mmwamba. Ikalowa muzungulize chala m'mbali mwake, mukamva pena pabwafuka ndiye kuti sinatseguke, muitembenuze pang'ono. Kamchira kake kakamakulasani poyenda mutha kudulako pang'ono, koma dikirani mwezi umodzi kaye chifukwa khomo la chiberekero limakwera ndi kutsika masiku amenewa, mungadule nkuvutika kuifikira.

Pochotsa nde pamene ambiri amalirira. Osakoka kamchira ngati mukuzula chinangwa ayi, kapu imakhala itamata ngati mpira, tsinani kunsi kwake mpweya ulowe kenako muziigwedeza pang'onopang'ono. Ndipo amene muli ndi lupu mufunse kaye anamwino a kulera musanayambe, kukokako kutha kusuntha lupu.

Mayeso enieni anali ulendo wa pa basi kuchoka Lilongwe kupita ku Blantyre pa tsiku lachiwiri lomwe lija. Ndinaika kapu 6 koloko mmawa, ndinavalanso Softcare pansi chifukwa cha mantha. Pa Ntcheu anzanga akutsika kusaka chimbudzi ine phee ndikudya mbatatesi. Ndinakachotsa cha m'ma 12 nditafika, inali itatsala pang'ono kudzadza, padi ija ili mbee. Maola 6, pamene ndikanasintha mapadi awiri. Amalemba kuti mutha kukhala nayo mpaka maola 12, a Mooncup opanga makapu ku Britain amati 8, koma pa tsiku lothamanga imadzadza nthawiyo isanakwane, mumamva ngati tithovu tikuphulika mkati, ndiye kuti thamangani. Chinanso, kapu inandionetsa kuchuluka kwenikweni kwa zomwe ndimataya. Madokotala amati kupitirira mamililita 80 pa msambo umodzi ndi kutaya kwambiri, ine masiku awiri okha ndinali nditadutsa, ndinapita kukayezetsa nkupezeka magazi ndi ochepa mthupi, pano ndikumwa mapilitsi a ayironi. Zaka zonsezi chizungulire ndinkati ndi njala.

Vuto lake lalikulu si kapuyo, ndi madzi. Kunyumba mpopi ukauma masiku awiri, kapena ku chimbudzi cha kumsika kopanda posamba m'manja, mumayamba kuganiza kawiri, chifukwa zala zimalowa mkati ndipo zimatuluka ndi magazi. Ndimayenda ndi kabotolo ka madzi mchikwama. Kumudzi pa maliro a agogo sindinayerekeze nkomwe, chimbudzi chokumba, mdima, anthu ali pamzere panja, kapu ikapulumuka mmanja yapita basi osaibweza. Sabata imeneyo ndinabwerera ku Kotex ndipo sindinadandaule.

Kusamba kukatha mumaiwiritsa mphindi 5 mpaka 10 m'madzi ambiri kuti isakhudze pansi pa poto nkupsa, timabowo ta kumkombero mutitsuke tisatsekeke apo ayi siimata bwino. Ndinagula kapoto kakekake, amuna anga atakaona pa mbaula anafunsa ngati ndi mazira, ndinangoti musavundukule bambo. Muisunge m'kathumba kansalu kake osati mu pulasitiki.

Pa mtengo, achemwali atandiuza ndalama yake ndinawerengera kuti ikufanana ndi mapaketi a Always a miyezi 6 kapena 7, ndiye yanga yabweza kale, ndipo opanga amati imatha zaka mpaka 10. Chopweteka nchoti ndalamayo imafunika pakamodzi ndipo m'magolosale a m'makwalala simungaipeze, mufunse m'mafamase akuluakulu kapena otumiza kunja. Mapadi sindinasiyiretu, paketi imodzi ya Softcare pano ikumanditengera miyezi itatu. Ruby Cup ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5, imodziyo ndachotsera mpopi wathu. Always yausiku 4, Kotex 4, Softcare 3 ndi theka. Mwana wa achimwene ali fomu 2 ku sukulu yogonera wandipempha kapu, ndamuuza adikire holide aphunzirire kunyumba kuli madzi ndi chitseko chokhoma.