Khoma, nsalu kapena bolodi: kumbuyo kwa chithunzi cha viza muyike chani?

Anzanga ojambula, nyengo ya DV, maere a viza ya ku Amereka aja, ikafika anthu amadzadza kufuna zithunzi, ndiye tikambeko za kumbuyo kwa munthu, poti aku Amereka amafuna poyera kapena poyererako, popanda chithunzithunzi. Ine zitatu izi ndagwiritsapo zonse.

Khoma ndi laulere koma limanamiza. Ndi maso limaoneka loyera bwinobwino, ukangojambula ndi kukulitsa pa foni ndi pamene umaona ming'alu, zala za ana, kwina laimu anakhuta kwina ayi. Likakhala la penti ya oyilo ndiye basi, fulashi imabwerera nkupanga chibanga chowala pambali pa mutu.

Nsalu ubwino wake umaipinda nkupita nayo kulikonse, koma makwinya abale! Khwinya lililonse limakhala ndi kamthunzi kake, ndiye uisite kaye, uikoke ndi mapegi m'mbali zonse, ndipo ikakhala yopyapyala uipinde pawiri chifukwa njerwa zakumbuyo zimaonekera, chithunzi chimatuluka chofiirira.

Ine ndinakhazikika pa bolodi ya pulayiwudi, mita imodzi mbali zonse, yopaka penti yoyera ya madzi ija yosanyezimira, kawiri kapena katatu. Siichita makwinya, ikada ndimangopakanso. Kuvuta kwake kunyamula basi, pa kabaza imasowetsa mtendere.

Koma zoona zake chithunzithunzi cha munthu sichichokera ku nsalu kapena khoma, chimabwera chifukwa munthu mwamutsamiritsa. Tsiku lina ndinajambula mayi wina atagunda bolodi yomweyi, fulashi ya pa kamera, kamera nditaiimika chotalika, kunatuluka mzere wakuda kuyambira kukhutu mpaka paphewa mbali imodzi. Ndinawapempha kuti mayi tasunthirani kutsogolo kuno, pafupifupi mita imodzi, ndinazimitsa fulashi, tinatulutsa bolodi pakhonde pomwe pali mthunzi koma kuwala kukuwamenya kumaso, mzere uja unatheratu.

Pamenepa pali msampha wina. Mukamutalikitsa munthu muli m'nyumba, bolodi imalandira kuwala kochepa ndiye imatuluka yotuwa ngati phulusa. Mankhwala ake ndi babu lina, muliyike pansi kumbuyo kwa mpando kuti munthu alibise, liziwalitsa bolodi yokha. Mababu onse akhale amtundu umodzi, mukasakaniza loyera ndi lachikasu bolodi imatuluka mitundu iwiri. Kumbukiraninso kuti munthu akatalikira, bolodi imachepa m'chithunzi, ndiye inu bwererani mmbuyo nkuzuma kuti m'mphepete musaoneke.

Za ma apu ochotsa kumbuyo aja ine ayi, malamulo a DV amakana chithunzi chosinthidwa, komanso amadya tsitsi m'mbali, makamaka la mesh kapena malukidwe, zimaonekeratu. Munthu asanadzuke pampando kulitsani chithunzi muone kuseri kwa makutu ndi m'mbali mwa khosi, kukakhala kamdima musunthitseni pang'ono mujambulenso.